Zikomo nonse: akaunti ya mwana wathu aitsegula, ndipo nayi njira yomwe inagwira ntchito

Abale ndi alongo, akaunti ya mwana wathu wamkazi, yomwe kampani ina ya tsamba lamchezo inatseka pomuganizira kuti sanakwane zaka 13, tsopano aitsegula. Zithunzi zake, mauthenga ndi gulu la anzake a Fomu 1 momwe amagawana zakusukulu, zonse wazipeza monga anazisiyira. Ine ndi bambo ake tikuthokoza aphunzitsi aakulu a pasukulu yake omwe anatilembera kalata yachidindo osatizungulitsa, malume ake a mwanayu omwe anatulukira pomwe panali vuto, mnyamata wa pashopu yosindikiza mapepala yemwe anajambula zikalata mobwereza mpaka zinaoneka bwino, komanso amayi anzanga akumpingo omwe munandiletsa kutumiza ndalama kwa munthu wina yemwe ankati atitsegulira akauntiyo. Tikuthokozanso wogwira ntchito kukampaniko, yemwe sitimudziwa, amene anawerenga kalata yathu ndi maso a munthu. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti tinalemba chiyani, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndayala zonse pano.

Choyamba muzidziwa komwe zaka 13 zimachokera, chifukwa zimathandiza kulemba kalata yopanda ukali. Ku America kuli lamulo la 1998 lotchedwa COPPA, lomwe limaletsa makampani a paintaneti kutolera zokhudza mwana wosakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo. Pothawa milandu, makampani ambiri anangoika malire pa 13, ndipo akakayikira amathamangira kutseka. Kwa inu amene ana anu ali kunja, malirewa safanana paliponse: m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya chilolezo choterechi chimayambira pakati pa zaka 13 ndi 16 malingana ndi dziko, pomwe ku Australia kuyambira mu Disembala 2025 masamba akuluakulu amchezo saloledwa kusunga maakaunti a ana osakwana zaka 16. Choncho amene amalandira kalata yanu sakufuna kumva kuti mwana wanu ndi wamakhalidwe abwino kapena kuti wakhala akulira. Ali ndi funso limodzi lokha: kodi mwini akauntiyi wakwanitsa zaka zomwe zikufunika, ndipo umboni wake uli kuti?

Akaunti imatha kutsekedwa chifukwa munthu wina wainenera kuti ndi ya mwana wamng'ono, kapena chifukwa makina aona nkhope ya mng'ono wa mwini akaunti ikuchuluka m'mavidiyo. Koma vuto lomwe limagwira ife ambiri kuno ndi kalembedwe ka tsiku lobadwa. Ife timayamba ndi tsiku kenako mwezi, pomwe mafomu ambiri a ku America amayamba ndi mwezi, ndipo pabokosi pamalembedwa MM/DD/YYYY. Ndipereke chitsanzo, koma tsikuli si la mwana wathu. Mwana wobadwa pa 11 Febuluwale 2012 anakwanitsa zaka 13 pa 11 Febuluwale 2025. Tsambalo litamufunsa mu Julaye 2025 kuti atsimikizire tsiku lobadwa, iye n'kulemba 11/02/2012 monga anazolowerera kusukulu, makina amawerenga kuti 2 Novembala 2012. Kwa iwo mwanayu ali ndi zaka 12, ndipo akaunti imatsekedwa nthawi yomweyo. Mudzazindikira kuti vuto ndi limeneli ngati kutsekako kwachitika atangosintha kapena kutsimikizira tsiku lobadwa, ndiponso ngati tsiku lomwe anabadwa silidutsa pa 12, popeza tsiku ngati 25 silingakhale mwezi ndipo fomu ikanakana.

Musanalembe kalikonse, jambulani uthenga wotsekawo pafoni pomwepo, chifukwa nthawi zina suonekanso kachiwiri. Mmenemo mufufuze zinthu ziwiri: tsiku lomaliza lochitira apilo, ndi nambala ya nkhaniyo ngati ilipo. Makampani ena amapereka masabata awiri, ena mwezi, ndipo nthawiyo ikadutsa amafufuta akaunti ndi zonse zili mkatimo. Yang'ananinso imelo yomwe mwana anatsegulira akaunti, ndi m'bokosi la Spam momwe. Njira yochitira apilo ndi batani lolembedwa Appeal kapena Request review lomwe limatuluka mwana akayesa kulowa, kapena fomu ya pa Help Center ya kampaniyo. Kalata yolembedwa m'makomenti a tsamba lawo siwerengedwa ngati apilo.

Pa nkhani ya umboni ndi pomwe ife a ku Malawi timavutikira. Fomu imafuna chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, koma bungwe la NRB limapereka chiphaso cha unzika munthu akakwanitsa zaka 16. Mwana wa zaka 13 mpaka 15 alibe. Ngati ali ndi pasipoti, imeneyo ndi yokwanira payokha, popeza ili ndi nkhope, dzina ndi tsiku lobadwa patsamba limodzi. Ngati alibe, muyenera kulumikiza zikalata ziwiri. Satifiketi yakubadwa imasonyeza tsiku koma ilibe nkhope. Chiphaso chakusukulu chili ndi nkhope koma kawirikawiri chilibe tsiku. Zikayendera limodzi, dzina likufanana ndendende, chimodzi chimakwaniritsa chinzake. Ife tinaonjezera kalata yaifupi ya aphunzitsi aakulu, yolembedwa papepala la sukulu, yonena dzina la mwana, kalasi yake ndi tsiku lobadwa lomwe lili m'kaundula wawo, yosayinidwa ndi kudindidwa. Buku lakuchipatala kapena kadi yakusikelo musadalire: ndi zolembedwa pamanja, ndipo mulinso za thanzi la mwana zomwe sizikukhudza kampaniyo.

Samalani ndi maina. Ana athu ambiri akulembedwa ndi dzina la bambo pomwe mayi ali ndi lawo, ena akuleredwa ndi agogo kapena malume. Ngati dzina lanu likusiyana ndi la mwana, nenani m'kalatamo ndipo sonyezani pomwe dzina lanu likupezeka pasatifiketi yakubadwa. Akaunti ikakhala ndi dzina losereula, nenaninso poyera kuti dzinalo ndi la mwana yemweyo.

Kajambulidwe kamagwetsa maapilo ambiri abwinobwino. Yalani chikalata patebulo la mtundu wakuda, masana pafupi ndi zenera, ndipo zimitsani kuwala kwa kamera chifukwa kumanyezimira papulasitiki n'kubisa manambala. Ngodya zonse zinayi zioneke. Jambulani chikalata chenichenicho, osati fotokope. Mukatha, kuzani chithunzicho pafoni: ngati inuyo simukutha kuwerenga chaka chobadwa mosaphinya maso, nawonso satha. Wina akakujambulirani n'kumakutumizirani pa WhatsApp, atumize ngati Document, apo ayi chithunzicho chimachepetsedwa ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafufutika. Makampani ena amalola kubisa nambala ya chikalata bola dzina, nkhope ndi tsiku zikuoneka, ena salola, ndiye werengani malangizo a pafomupo musanaphimbe kalikonse.

Kalatayo tinailemba m'Chingerezi chapafupi, ndipo inali yaifupi moti inakwana pafoni osatsitsa. M'chinenero chathu, nditaikamo tsiku lachitsanzo lija m'malo mwa lenileni, inkati:

"Ndine mayi wa mwini akaunti yomwe dzina lake, imelo ndi nambala ya nkhani ndalemba pamwambapa. Akauntiyi inatsekedwa pa tsiku lakutilakuti pa chifukwa choti mwini wake sanakwane zaka 13. Izi sizoona. Mwana wanga anabadwa pa 11 Febuluwale 2012 ndipo anakwanitsa zaka 13 pa 11 Febuluwale 2025. Potsimikizira tsiku lobadwa analemba tsiku m'bokosi la mwezi, monga timalembera kuno ku Malawi, ndiye zinawerengedwa ngati 2 Novembala. Ndatumiza satifiketi yake yakubadwa, chiphaso chakusukulu chokhala ndi chithunzi, ndi kalata ya aphunzitsi aakulu. Kuno chiphaso cha unzika chimaperekedwa pa zaka 16, n'chifukwa chake sindinatumize. Ndikupempha kuti mukonze tsiku lobadwa, mutsegule akauntiyi, ndipo musafufute zili mkatimo pomwe mukuunika. Ine monga kholo ndikudziwa za akauntiyi ndipo ndikuvomereza kuti aziigwiritsa ntchito."

Taonani kuti mwezi tinaulemba m'mawu, osati m'manambala, kuopa kubwereza chisokonezo chomwechija. Chiganizo chofotokoza za zaka 16 ndi chomwe ine ndimachiona cholemera kwambiri m'kalatayi, chifukwa wowerengayo mwina ali kudziko komwe mwana aliyense ali ndi chiphaso, ndipo kusowa kwake akhoza kukutenga ngati kuzemba. Pempho lokonza tsiku lobadwa nalonso musalisiye. Akangotsegula osakonza, makina adzaitsekanso.

Yankho loyamba likhoza kubwera mofulumira kwambiri, lokana, lopanda dzina la munthu ndiponso losakhudza chilichonse chomwe munalemba. Limenelo nthawi zambiri ndi la makina. Musayambe apilo yatsopano. Yankhani pa imelo yomweyo kuti nambala ya nkhani isasinthe, bwerezani mfundo ya tsiku ndi mwezi m'ziganizo ziwiri, ndipo pemphani kuti munthu aunike zikalatazo. Mukatumiza maapilo ambiri nthawi imodzi, ena amatsekedwa ngati obwereza. Akapempha kavidiyo ka nkhope, ajambulidwe ndi mwana mwini wake, powala, wopanda chipewa, osati mkulu wake chifukwa choti akuoneka wokhwima: nkhope ikasiyana ndi ya pachiphaso, nkhani yathera pomwepo. Ndipo pomwe mukudikira, mwana asatsegule akaunti ina ndi nambala yomweyo ya foni n'kudziikira zaka 20. Kampani ikaona masiku awiri obadwa pa munthu mmodzi, kalata yanu imasanduka yokayikitsa.

Mukangolengeza pagulu kuti akaunti yatsekedwa, ayamba kukupezani anthu onena kuti amadziwa wina wamkati. Amafuna mutumize ndalama pafoni, kenako amapempha pasiwedi kapena kodi ya manambala 6 yomwe yabwera pauthenga. Kampani yeniyeni sifunsa pasiwedi, ndipo kodiyo ndi kiyi wolowera. Satifiketi ya mwana musaitumize kwa munthu wamba aliyense, pokhapokha pafomu ya kampaniyo.

Kwa makolo amene ana anu sanakwanedi zaka 13, kalata ngati iyi sikuthandizani, ndipo musasinthe chaka pachikalata. Pemphani kuti akuloleni kukopera zithunzi za mwanayo asanazifufute, kenako funsani ngati ali ndi akaunti ya ana yoyang'aniridwa ndi kholo.

Akaunti ikatsegulidwa, lowani pa Settings limodzi ndi mwanayo, onetsetsani kuti tsiku lobadwa lakonzedwa, sinthani pasiwedi, ikani imelo yanu kukhala yothandizira pobwezeretsa akaunti, ndipo koperani zonse zofunika musunge pena. Aphunzitsi aakulu atiuza kuti makolo ena a pasukulupo omwe angakumane ndi vuto lomweli apite kuofesi ndi satifiketi yakubadwa ya mwana, kalata awalembera. Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo achimwene, ndipo amayi anzanga, Mulungu akudalitseni.