Lachiwiri la chiperoni, tikuchonga chidule cha zowerenga ndi zomvetsera

Chiperoni chaphimba phiri la Soche kuyambira m'mamawa, ndipo ife tatandala m'kalasi ku Limbe tikuchonga mapepala oyeserera. Ntchito yake ndi ija bungwe la ETS linkapereka pa mayeso a Chingerezi a TOEFL iBT mpaka kumayambiriro kwa 2026. Wophunzira amawerenga ndime kwa mphindi 3, kenako amamvetsera kamodzi kokha mphunzitsi akulankhula za mutu womwewo kwa mphindi pafupifupi 2, n'kulemba kwa mphindi 20, mawu 150 mpaka 225. Malikisi amayambira pa 0 kulekeza pa 5.

Tisanagwire pepala la munthu aliyense tinayamba tamvetsera tokha zojambulidwazo kawiri, n'kulemba mfundo ziwiriziwiri: ndime yati chiyani, mphunzitsi wayankha chiyani. Wochonga wopanda chimenechi amatengeka ndi Chingerezi chosalala, osaona kuti nkhani yapotozedwa.

Ndime ya lero imayamikira kudzala bulugamu m'mapiri. Imati amateteza magwero a madzi, mizu yake imagwira nthaka, komanso anthu amasiya kudula mitengo yachilengedwe. Mphunzitsi anatsutsa zonse zitatu. Anati bulugamu amamwa madzi ambiri, moti timitsinje tapafupi tingachepe m'chilimwe. Anati pansi pake udzu sumera bwino, choncho mvula imakokololabe nthaka. Anamaliza ndi kuti owotcha makala amafunabe mitengo yolimba ngati tsanya chifukwa makala ake sanyeka msanga.

Pepala limodzi linatidyera nthawi. Galamala yake inali yoyera, ndime zinayi zoyalidwa bwino, mawu 240. Mnzanga, mayi wachikulire pantchitoyi, anali atalemba kale 5 ndi pensulo.

"Amayi, taonaninso mfundo ya madziyo," ndinatero.

Mwanayo analemba kuti mphunzitsi wati bulugamu amaumitsa mitsinje yonse. Mphunzitsi sananene zimenezo. Ananena za timitsinje tapafupi, m'chilimwe, ndipo anati tingachepe. Kusandutsa "tingachepe" kukhala "amaumitsa" ndi kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Kukanakhala kulakwitsa kokhako, pepalalo likanaima pa 4, pakuti mlingo wa 4 umalola kuphonya pang'ono kapena kusalunjika kwenikweni pa mfundo ina. Mfundo ya nthaka anaigwira ndendende, mpaka chifukwa chake cha udzu. Koma pa ndime yachinayi anangobwereza zimene ndime yowerenga inanena za mitengo yachilengedwe, n'kuwonjezera maganizo ake oti boma likhwimitse malamulo. Za makala ndi tsanya, zii.

"Achimwene, koma Chizungu chakechi chikundimvetsa chisoni," anatero mnzangayo, akufufuta 5 uja.

Tinagwirizana pa 3. Mlingo wochongera wa ETS umanena poyera kuti pepala losiya mfundo imodzi yaikulu ya mphunzitsi limagwera pamenepo. Maganizo a mwanayo pa za boma sanamuonjezere kanthu chifukwa funso silinamufunse zimene iye akuganiza. Chizindikiro cha mfundo yotayika n'chosavuta kuona: ndime yowerenga imabwereranso pa kompyuta nthawi yolemba, pamene mawu a mphunzitsi amapita osabwerera. Wophunzira akataya mfundo pomvetsera, amatseka dzenjelo ndi zimene zili m'maso mwake. Ndime ya wophunzira ikatalika koma mulibe chilichonse chimene munthu akanachidziwa pomvetsera pokha, dziwani kuti mfundo yasowa.

Pepala lotsatira linali la mawu 160, nthawi za aneni zosakanikirana, timawu tina tating'ono tosowa. Komabe mfundo zonse zitatu zinalipo, iliyonse yalumikizidwa ndi inzake ya m'ndime, ndipo zinkaoneka bwino kuti uyu ndi wolemba ndime, uyu ndi mphunzitsi. Linapeza 4. Galamala imagwetsa malikisi kwambiri pamene yaphimba tanthauzo, ndipo apa tanthauzo silinaphimbike. Zimandiwawa ndikaona ana otere akumanidwa malikisi m'makalasi oyeserera chifukwa cholembera chofiira chathamangira zilembo, pamene khutu lawo lagwira ntchito yonse.

Madzulo tinakumana ndi pepala lophonya kwambiri, ngakhale linali looneka bwino. Linati mphunzitsi akugwirizana ndi ndime ndipo akungowonjezera zitsanzo. Mawu akuti makala, udzu ndi madzi analimo, koma ubale wa magwero awiriwo unatembenuzidwa chadodolido. Kupotoza kotero kumafika pa 2. Lina linangofotokoza ndime m'mawu akeake, osakhudza mphunzitsi n'komwe, ndipo limenelo ndi 1. Likanakhala longokopera ziganizo za ndime momwe zilili, likanapeza 0.

Mfundo zathu ziwiriziwiri zija sitinaziwerengetsere ngati masamu ayi. Malikisi amaperekedwa pa pepala lonse pamodzi, choncho tikamaliza kufufuza mfundo timaliwerenganso kamodzi kuchokera pamwamba. Mapepala 6 omwe tinasiyana ndi malikisi amodzi tawaika padera, mawa tidzayamba ndi kumvetseranso gawo la makala.