Makina oyezera kuthamanga kwa magazi ndi foni: pamene ndafika

Ntchito yolumikiza makina oyezera kuthamanga kwa magazi a amayi ndi foni yanga yafika poti manambala akulowa okha m'pulogalamu, ndipo ndayamba kuwakhulupirira. Makinawo ndi a lamba wovala pamkono, oyendera mabatire anayi, ndipo amatumiza zotsatira kudzera pa Bluetooth. Chimene ndaona pa masabata apitawa n'chakuti pulogalamu ya pafoni siyeza kanthu. Imangokopera zimene makina asunga, zomwe ndi nambala yapamwamba ndi yapansi, kugunda kwa mtima, nthawi imene munthu anayezedwa, ndiponso kuti pamakinapo panasankhidwa munthu uti. Ngati nthawi kapena munthu zalakwika, pulogalamu imajambulabe mizere yokongola, koma mizereyo imakhala yabodza.

Kulumikizako sikunavute nditadziwa kuti kumayambira mkati mwa pulogalamu ya kampani yopanga makinawo, osati pa mndandanda wa Bluetooth wa foni. Munthu amatsegula pulogalamu, n'kusankha kuwonjezera chipangizo, kenako n'kudina batani lolumikizira la pamakina mpaka chizindikiro chitayamba kuphethira. Makina akalumikizidwa kaye kudzera pa mndandanda wa foni, nthawi zambiri pulogalamu siwapeza, ndipo pamafunika kuwachotsa pamndandandapo n'kuyambiranso. Foni za Android 6 mpaka 11 zimafuna chilolezo chodziwa malo, chotchedwa Localização, kuti zifufuze zipangizo zoterezi, chifukwa kufufuza kwa Bluetooth kungathe kuulula pamene munthu ali. Kuyambira pa Android 12 pali chilolezo chakechake cha zipangizo zapafupi, chomwe pafoni yanga chalembedwa kuti Dispositivos próximos. Ndinapereka chimenecho chokha, ndipo pulogalamu ikugwira ntchito popanda kuona manambala a foni a anthu, zithunzi kapena kumva mawu.

Vuto lenileni linaonekera pa avereji. Kuchipatala kuno ku Ulongwe amayi anapezeka ndi manambala opitirira 140/90, omwe ndi malire a poyezera kuchipatala. Poyezera kunyumba malire ake ndi 135/85, chifukwa munthu amakhala womasuka akakhala pakhomo pake. Pulogalamu inkaonetsa avereji ya 134/84, yomwe ikanachititsa aliyense kuganiza kuti mankhwala akugwira bwino. Nditatsegula mndandanda wonse ndinapeza zotsatira 18, koma m'kope limene mlongo wanga amalembamo munali 12 zokha. Zisanu ndi chimodzi zotsalazo zinali za masana, ndipo zinkazungulira pa 118/76, kugunda kwa mtima kuli kotsika kuposa kwa amayi. Zinali za achibale ndi oyandikana nafe amene ankabwera kudzaona makina atsopano, ndipo ndani angamukanize mlamu wake kuyesa? Zotsatira 12 za amayi pazokha zinali ndi avereji ya 142/88. Masamu ake ndi awa:

```
(12 x 142 + 6 x 118) / 18 = 134
(12 x 88 + 6 x 76) / 18 = 84
```

Anthu athanzi ochepa chabe anatsitsa avereji ndi 8 pa nambala yapamwamba, n'kuidutsitsa pansi pa malire. Chizindikiro cha vuto limeneli ndi zotsatira zogawikana magulu awiri otalikirana, komanso zoyezedwa pa nthawi imene mwini wake sayezedwa. Makina athu ali ndi malo a anthu awiri, 1 ndi 2. Tsopano malo 1 ndi a amayi okha ndipo ndi okhawo amene alumikizidwa ndi foni, pamene mlendo aliyense amayezedwa pa malo 2. Ndamata kapepala ka dzina la amayi pambali pa nambala 1, ndipo zotsatira za alendo ndazifufuta m'pulogalamu chimodzichimodzi nditaziyerekezera ndi kope.

Nkhani ya wotchi inabwera pambuyo pake. Magetsi atazima usiku wina, mabatire a makina anabwerekedwa kuti akaikidwe mu tochi, ndipo atabwezeredwa wotchi ya makinawo inayambira pachiyambi. Makina athu amatenga nthawi yolondola kuchokera ku foni akalumikizana nayo, koma zotsatira zimene zinayezedwa asanalumikizane zinalowa ndi deti lakale, moti m'pulogalamu masiku amenewo ankaoneka ngati amayi sanayezedwe. Zimenezi n'zofunika chifukwa namwino amafuna kusiyanitsa za m'mawa, munthu asanamwe mankhwala, ndi za madzulo. Lamulo la pakhomo tsopano ndi lakuti mabatire akachotsedwa, makina alumikizidwe ndi foni munthu asanavale lamba, ndipo tochi ndaigulira mabatire ake.

Pa kayezedwe ndatsatira dongosolo lodziwika: masiku asanu ndi awiri, m'mawa ndi madzulo, kawiri nthawi iliyonse motalikirana ndi mphindi imodzi, ndipo zotsatira za tsiku loyamba siziwerengedwa pa avereji. Amayi amakhala pampando kwa mphindi zisanu atatsamira msana, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula, ndipo sayezedwa pasanathe mphindi 30 atamwa khofi kapena atachokera kudimba. Mkono wawo ndi wa masentimita 34 kuzungulira, choncho lamba wa 22 mpaka 32 amene amabwera ndi makina ambiri akanawathina n'kupereka manambala okwera kuposa enieni. Wathu ndi wa 22 mpaka 42. Chovuta m'nyengo ino ya Juni ndi kuzizira kwa kuno ku Angonia, chifukwa amayi safuna kuvula juzi m'mawa, pamene lamba ayenera kukhudza khungu, ndipo kupinda dzanja la juzi molimba pamwamba pa lamba kumafinya mkono. Tagwirizana kuti azitulutsa mkono wonse n'kufunda bulangete.

Za chinsinsi ndazitenga mosamala kwambiri, chifukwa foni yanga imadutsa m'manja ambiri. Pulogalamu inafuna akaunti, ndipo kukhala ndi akaunti kukutanthauza kuti manambala a amayi amasungidwanso pamakompyuta a kampani, kunja kwa dziko lino. Ndinawafotokozera amayi zimenezi ndisanalembetse, popeza thanzi ndi lawo, ndipo anavomera pokhapokha dzina lawo lonse lisalembedwe. Ndinatsegula imelo yapadera, ndinalemba zilembo zoyambirira za dzina lawo, ndipo ndinakana kulandira zotsatsa malonda ndiponso kugawana zotsatira ndi mapulogalamu ena. Ndinazimitsanso mauthenga a pulogalamuyi oonekera foni ikakhala yokiyidwa, chifukwa ana akabwereka foni kapena ikasiyidwa pamalo otchajitsa kumudzi, aliyense akanatha kuwerenga. Mkulu wanga wa ku Moatize amafunsa za amayi kawirikawiri, koma ndimamulembera manambala okha m'malo momutumizira chithunzi cha pulogalamu, chomwe chimakhalabe m'foni yake ndipo chingatumizidwe kwa wina mosavuta. Amene akufuna kusiya pulogalamu yotere adziwe kuti kuichotsa pafoni sikufufuta akaunti. Iyenera kutsekedwa payokha, ndipo makina ayenera kufufutidwa zonse zimene asunga asanaperekedwe kwa munthu wina.

Chotsala ndi kutenga makinawo pa tsiku limene amayi akatenge mankhwala, kuti namwino akawayeze ndi makina a kuchipatala ndi athu motsatizana pa mkono womwewo, tione ngati akusiyana kwambiri. Tikamuonetsa avereji ya 142/88 pamodzi ndi kope, ndipo za kusintha mankhwala akanena yekha. Pakadali pano mlongo wanga akudziwa kuti makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, amayi n'kumamva mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kufooka mbali imodzi, apite nawo kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti ndifike ndi foni.