Thirasi ya ndodo zitatu: chizindikiro chimodzi chinandidyera madzulo onse

Sabata ino ndasiya kuwerengera mathirasi pamanja, mfundo ndi mfundo, n'kuyamba kulemba kapulogalamu kanga mu Python kotsata njira ya kuuma kwa ndodo. Ndinasankha dala thirasi yaing'ono kuti yankho ndizitha kulitsimikiza ndi pensulo.

Mfundo 1 ili pa (0, 0) ndipo ndi yomangidwa ndi pini. Mfundo 2 ili pa (4, 0), yakhala pa rola, choncho imatha kutsetsereka cham'mbali koma singakwere kapena kutsika. Mfundo 3 ili pa (4, 3), ndipo apa ndi pamene ndaika mphamvu ya 10 kN yokankhira kumanja. Ndodo zake ndi za mamita 4, 3 ndi 5, zonse zachitsulo, E = 200 GPa ndi A = 500 mm², ndiye EA ndi 100,000 kN.

Ndodo ya thirasi imangodziwa kutalika ndi kufupika basi, ndipo kuuma kwake ndi EA/L. Yogona ija ndi 25,000 kN/m, yoimirira 33,333, yopendekeka 20,000. Ntchito yeniyeni ili pogawa kuumako m'njira ya x ndi ya y. Yopendekeka ili ndi kosaini 0.8 ndi saini 0.6, ndiye pa mfundo 3 imapereka 12,800 mu x, 7,200 mu y, ndi 9,600 yolumikiza ziwirizo. Nambala yomalizayi ndi imene ndinachedwa kuimvetsa. Ikutanthauza kuti ukasuntha mfundo 3 kumanja, ndodo yopendekeka imaikokanso chotsika, ngakhale iwe sunafune zimenezo.

Mfundo iliyonse imasuntha m'njira ziwiri, ndiye matirikisi yaikulu ya kuuma, K, ndi ya 6×6. Ndodo iliyonse imabwera ndi kamatirikisi kake ka 4×4, k, kamene umakathira m'mizere ya mfundo zake ziwiri, i ndi j, zimene mu pulogalamu zimawerengedwa kuyambira pa 0:

```python
d = [2*i, 2*i+1, 2*j, 2*j+1]
K[np.ix_(d, d)] += k
```

Ine ndinalemba `=` m'malo mwa `+=`. Pulogalamu inangoti `LinAlgError: Singular matrix`, ndipo ndinathamangira kukayikira zochirikiza, poti thirasi yosagwiridwa bwino ndiyo kawirikawiri imabweretsa uthenga umenewu. Ndinazionanso kangapo, zinali bwinobwino. Nditasindikiza K ndi pamene ndinaona ziro pa malo a x ya mfundo 2, pamene panayenera kukhala 25,000. Ndodo yoimirira ilibe kuuma cham'mbali, ndiye itabwera inafufuta zimene yogona inaika n'kusiyapo ziro yake. Pa mfundo 3 napo yopendekeka inali itafufuta 33,333 ya inzake. Ndodo zokumana pa mfundo imodzi zimaphatikiza kuuma kwawo, ndipo "kusonkhanitsa" kumene amanena kuja ndi kumeneku.

Tsopano ndisanaike zochirikiza ndimayamba ndayesa K. Manambala a mzere uliwonse akaphatikizidwa apereke ziro, chifukwa thirasi yonse ikasuntha pamodzi palibe ndodo imene imatalika. Komanso `np.linalg.matrix_rank(K)` ipereke 3, popeza thirasi yosamangidwa imatha kupita kumbali, kupita m'mwamba ndi kuzungulira popanda kupindika, ndipo zitatuzo zimachoka pa 6. Kuti K ikhale yofanana mbali zonse sikokwanira: yanga yolakwika ija inali yofanana ndithu.

Ukachotsa mizere itatu yogwiridwa, zosadziwika zimatsala u2, u3 ndi v3, pomwe u ndi kusuntha kwa mfundo mu x ndipo v ndi mu y:

```
25000 u2 = 0
12800 u3 +  9600 v3 = 10
 9600 u3 + 40533 v3 = 0
```

40,533 uja ndi 7,200 kuphatikiza 33,333. Yankho ndi lakuti mfundo 3 yasuntha 0.95 mm kumanja ndi 0.225 mm pansi, pomwe mfundo 2 sinagwedezeke.

Pensulo inagwirizana nazo. Yopendekeka yatalika ndi 0.8×0.95 − 0.6×0.225 = 0.625 mm, ndipo kuchulukitsa ndi kuuma kwake kumapereka 12.5 kN yokoka. Yoimirira yafupika ndi 0.225 mm, kutanthauza 7.5 kN yopsinja. Njira yakale ya mfundo ndi mfundo imaperekanso manambala omwewo. Ziro ya u2 inandikayikitsa kaye, koma ndi yoona: pa mfundo 2 palibe china chokankha cham'mbali, ndiye ndodo yogona yangokhala osanyamula kanthu. Koma ukaichotsa, uthenga wa `Singular matrix` uja umabwerera, ulendo uno pa chifukwa chenicheni, poti rola imatsala yopanda choigwira.

Dziwani kuti njirayi imaganiza kuti kusuntha ndi kochepa ndiponso kuti chitsulo chibwerera mwakale, ndiye singakuuzeni ngati ndodo yoimirira ija ingapindike ndi 7.5 kN yake. Zimenezo zimafuna kuwerengera kwina kwa Euler. Chotsatira kwa ine ndi kusintha rola kukhala pini n'kuwonjezera mfundo yachinayi, kuti ndipeze thirasi imene pensulo payokha singaithe.