Mmene ndimawolokera pa raundabauti ya mu Mzuzu popanda mizere ya oyenda pansi

Chinthu choyamba chimene ndimachita ndikafika pa raundabauti mtauni muno ndi kuchotsa maso pa bwalo la pakati lija. Bwalolo limakopa, chifukwa ukaliyang'ana limaoneka ngati chidule: ungodumpha kamodzi, upume pa kapinga, udumphenso. Koma amene wafika pamenepo wazunguliridwa ndi magalimoto osaima, ndipo palibe dalaivala amene akuyembekeza kuona munthu akutulukira mmenemo. Ine sindiwoloka raundabauti yeniyeniyo. Ndimawoloka misewu imene ikulowa ndi kutuluka, umodziumodzi, ndipo msewu uliwonse ndimaudula pawiri.

Kuno magalimoto amayenda kumanzere, pa raundabauti amazungulira ngati mivi ya wotchi, ndipo wolowa amadikira wochokera kumanja kwake. Pa zimenezi pamatuluka lamulo limene sindisiyana nalo. Ndikaima m'mphepete nditayang'ana tsidya, theka la msewu limene lili pafupi nane magalimoto ake amachokera kumanja kwanga, ndipo ndikafika pakati, theka lotsalalo amachokera kumanzere. Ngati raundabauti ili kumanja kwanga, ndiye kuti ndiyamba ndi magalimoto otuluka. Ngati ili kumanzere, ndiyamba ndi olowa. Ndimafuna ndidziwe zimenezi phazi lisanatsike, chifukwa olowa ndi otuluka sawolokedwa mofanana.

Tiyerekeze kuti ndili pa M1, msewu uli ndi maleni awiri olowa, awiri otuluka, ndi kachilumba ka simenti pakati, ndipo raundabauti ili kumanzere kwanga.

Sindiima pakamwa penipeni pa raundabauti. Ndimabwerera m'mbuyo mtunda wa galimoto imodzi kapena ziwiri, mamita 6 mpaka 12, bola kachilumba kaja kakhale kadakali kotambalala koti n'kuimapo. Chifukwa chake chili m'khosi mwa dalaivala woyamba pa mzere. Iyeyo mutu wake wonse wapotolozera kumanja, akusaka mpata woti alowe, ndipo mpata ukangooneka amaponda moto maso adakali komweko. Ine ndili kumanzere kwake, mbali imene sanayang'aneko kwa kanthawi. Galimoto yake yaima, inde, koma kuimako sikuti akuimira ine. Anthu ambiri amagundidwa motere ndi galimoto imene inali chiimire. Kumbuyo kwa galimoto yoyambayo zinthu zimasintha: wachiwiri pa mzere akuyang'ana kutsogolo, kumene ndikudutsako, ndipo sangapite patali wam'tsogoloyo asanasunthe.

Ndikapeza malowo ndimayang'ana kumanja, n'kudikira chimodzi mwa ziwiri: msewu ukhale mbee kwa mtunda wokwanira, kapena mzere uime ndithu. Ukaima, ndimayang'ana dalaivala kumaso, ndimakweza dzanja pang'ono, ndipo ndimadikira ayankhe, kaya ndi mutu kaya ndi dzanja. Ngati galasi ndi lakuda moti nkhope sikuoneka, ndimangoti sanandione.

Apa ndiye pali msampha waukulu wa msewu wa maleni awiri. Dalaivala wa leni yoyamba akhoza kukhala munthu wachifundo, waima, wakodola kuti dutsani bambo, dutsani mayi. Chifundo chake chimathera pa leni yake yokhayo. Galimoto yakeyo tsopano yasanduka khoma: ikunditchinga ine kuti ndisaone leni yachiwiri, ikumutchinganso wa leni yachiwiriyo kuti asandione. Ikakhala minibasi kapena lole, khomalo ndi lalitali kuposa munthu. Ndiye ndikafika pa nyali ya mbali yachiwiri ya galimoto yoimayo ndimaima kaye, thupi lili m'mbuyo, mutu wokha ndi umene ndimasuzumira nawo kumanja. Leni yachiwiri ndimaitenga ngati msewu watsopano umene sindinaupemphe chilolezo. Ndipo pakampata kapakati pa maleni awiriwo ndi pamene pamadutsa akabaza a njinga zamoto, amene mzere wa magalimoto ukaima iwo saima nawo. Enanso amabwera mosemphana ndi magalimoto m'mphepete mwa msewu pothamangira kasitomala, choncho ndisanatsike ndimaponyanso diso kumanzere kamodzi, ngakhale lamulo likuti kumeneko sikuyenera kuchokera kanthu.

Msewu ukakhala kuti ukuyenda, nkhani ndi ya masekondi. Leni imodzi imakhala pafupifupi mamita atatu ndi theka, ndiye maleni awiri ndi mamita 7. Munthu wamkulu woyenda bwinobwino amatha mita imodzi ndi pang'ono pa sekondi, kutanthauza masekondi 6 kuti afike pa kachilumba. Ine ndimaonjezapo awiri a mwina ndipunthwa, akwane 8. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse, choncho pa masekondi 8 yatha mamita oposa 110. Umenewo ndi mtunda woposa pang'ono kutalika kwa bwalo la mpira. Anthu amadabwa akamva zimenezi, chifukwa galimoto imene ili theka la mtundawo imaoneka kuti ili kutali. Poti maso amanama, ndimawerenga. Ndimasankha chizindikiro kumanja, kaya pholo la magetsi kaya chikwangwani, ndipo galimoto ikadutsa pamenepo ndimawerenga chamumtima mpaka ifike pamene ndaima. Ndikachita ndi magalimoto awiri kapena atatu ndimadziwa pholo la masekondi 8. Kuyambira pamenepo, galimoto ikakhala kuti yadutsa kale pholo limenelo, sindisuntha. Ndikakhala ndi agogo kapena mwana wamng'ono ndimafuna masekondi 10 mpaka 12.

Ndikayamba, ndimayenda molunjika tsidya, osati mopingasa, chifukwa kupingasa kumatalikitsa njira ndiponso kumapatsa magalimoto nkhongo. Ndimayenda mwachangu koma osathamanga. Ndipo sindibwerera. Dalaivala akaona munthu mumsewu amakhotera kumene munthuyo wachoka, ndiye wobwerera m'mbuyo amakakumana naye komweko.

Pa kachilumba ndimaima ndithu, mapazi onse awiri, chikwama kapena jumbo ili kutsogolo kwanga osati ikulendewera mumsewu. Apa ndimatembenuza mutu, tsopano zonse zikuchokera kumanzere, ku raundabauti. Theka ili ndi lovuta kuposa loyamba. Wolowa amachepetsa liwiro, koma wotuluka akuliwonjezera, wamasuka, akuganiza za Luwinga kapena za njira ya ku Nkhata Bay. Komanso mtunda woonera ndi waufupi, ndipo pa magalimoto amene akuzungulira sudziwa kuti atuluke pano ndi ati, apitirire ndi ati.

Indiketa sindiikhulupirira. Oti atuluke amayenera kuyatsa ya kumanzere, koma ambiri sayatsa, ena anaiyatsa kalekale n'kuiiwala. Chimene sichinama ndi matayala akutsogolo. Galimoto yopitiriza kuzungulira matayala ake amakhala opindikira kumanja, ku bwalo la pakati. Akangoyamba kuwongoka, mphuno ya galimoto n'kuloza kwa ine, imeneyo ikutuluka. Ndimayang'ananso msewu wolowera umene wayandikana ndi potulukira panga, mbali imene magalimoto akuchokera, chifukwa galimoto yochokera kumeneko imene ikungokhotera kumanzere sizungulira n'komwe: imalowa n'kutuluka nthawi yomweyo, ndipo ndi imene imadzidzimutsa anthu amene maso awo anali pa bwalo. Pano magalimoto amakhala pa liwiro lotsikirapo, mwina makilomita 30 pa ola, amene ndi mamita 8 pa sekondi. Komabe masekondi anga 6 akufuna mamita pafupifupi 50 opanda kanthu, ndipo nthawi zambiri zimenezi zikutanthauza kuti mbali yonse ya bwalo imene ndikuiona ikhale yopanda galimoto yoloza kuno. Mpata wotere umabwera. Lole yolemera ikamalowa pang'onopang'ono mbali ina imatsekereza onse am'mbuyo mwake, ndipo kutsogolo kwake kumatsala danga labwino.

Koma malolewo ali ndi zawo, ndipo Mzuzu ndi njira yawo: matanka a mafuta ochokera ku Tanzania kudzera pa Songwe ndi Karonga, ena onyamula matabwa a ku Chikangawa. Thiraki yokoka ngolo ikamakhota, matayala am'mbuyo satsata mmene adutsa akutsogolo. Amadula njira chamkati, ndipo amatha kukwera pa simenti ya m'mphepete kapena pa nsonga ya kachilumba. Mutu wa thiraki ukhoza kukudutsani patali bwino, ngolo n'kubwera kudzakupezani pamene mwaima. Ndikaiona ikubwera ndimachoka pa ngodya, ndimasunthira mapazi atatu kapena anayi kutali ndi msewu, ndipo ngati ndili pa kachilumba kopapatiza ndimapita pamene katambalala. Sindidutsanso pafupi ndi mphuno yake ikaima pa mzere, chifukwa dalaivala wakhala pamwamba ndipo munthu amene wayandikira bampala samuona. Ngati ine sindikuona nkhope yake, iyenso sakundiona.

Minibasi ndi timagalimoto ta matola timakonda kuima mwadzidzidzi tikangotuluka pa raundabauti, kondakitala akuitanira. Wam'mbuyo amapatukira leni ina mosayang'ana, ndiye ndikaona imodzi ikuima pafupi ndi pamene ndikuwolokera, ndimadikira chipwirikiti chake chithe. Ndikatsika minibasi ine mwini, ndimaisiya ichoke kaye.

Nyengo ya kuno imasinthanso masamu onsewa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa kumagwa chifunga ndi kamvula kowaza, magalasi a magalimoto achita nthunzi, ndipo phula lonyowa limatalikitsa mabuleki. Galimoto ya makilomita 50 pa ola imafuna mamita pafupifupi 35 kuti iime pouma, kuwerengera ndi nthawi yoti dalaivala azindikire, ndipo ponyowa imafuna ochulukirapo. Ngati pholo langa la masekondi 8 silikuoneka chifukwa cha chifunga, ndimawoloka pokhapokha mzere utaima. Ambulera ndimaikweza pamwamba, chipewa cha juzi ndimachivula kuti makutu amve, foni ili m'thumba. Usiku, makamaka magetsi akazima, jekete lakuda limakusowetsani ndithu. Nyali za galimoto inu mukuziona bwino, koma zimenezo sizitanthauza kuti mwini wakeyo wakuonani. Tochi ya foni yoloza pansi kutsogolo kwa mapazi imathandiza, ndipo nyali imodzi yobwera musafulumire kuitcha njinga yamoto, ikhoza kukhala galimoto yofa diso limodzi.

Mwana ndimamugwira pamkono, pamwamba pa chikhatho, osati zala, chifukwa zala zimapulumuka akadzidzimuka ndi hutala. Ndimamuika mbali imene kulibe magalimoto, ndiye kuti pa theka loyamba ali kumanzere kwanga, ndipo pa kachilumba ndimamusinthira kumanja. Amayi osenza dengu la tomato kapena nthochi kuchokera ku msika khosi silitembenuka, choncho atembenuke thupi lonse asanatsike, ndipo akafika pakati atembenukenso. Njinga yakapalasa ndimatsika n'kuikankha, koma ndimayamba ndaonetsetsa kuti kachilumbako kakwana njinga yonse, apo ayi ndimaiimika motsata kutalika kwa kachilumbako kuti tayala lisatsalire mumsewu.

Pamene palibe kachilumba, pali mzere wa penti wokha, sindiima pakati pa msewu wa maleni anayi. Pamenepo pamafunika mpata wa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, masekondi 12 ndi awiri oonjezera aja, ndipo nthawi yoweruka kuntchito mpata wotere supezeka. Ndimatsata m'mphepete mpaka pamene msewu wachepa kukhala leni imodzi mbali iliyonse, kapena pamene pali hampu yochepetsa liwiro, ngakhale zitanditengera mamita 200 owonjezera, n'kuwolokera pamenepo.