Usiku umene ndinavala nyuzipepala

Basi ija ndinaikwera thukuta lili kamukamu. Inali cha m'ma 4 koloko madzulo, kuchigwa kumene ndinanyamukira dzuwa likuswa mtengo, foni ikuonetsa madigiri 32. Ndinali nditavala malaya opyapyala a manja aafupi, kabudula wolekeza m'maondo ndi patapata. Juzi ndinali nayo ndithu, yokhuthala bwino, koma ndinaipinda n'kuiika pansi penipeni pa chikwama. Chikwamacho kondakitala anachiponya kunsi kwa basi, n'kusanjikiza katundu wa anthu ena pamwamba pake.

Mpando ndinachita kusankha: wa pawindo, pafupi ndi chitseko. Windolo silinkatsekeka bwino, linkasiya mpata wokwana zala ziwiri, ndipo ine ndinati mwayi wanga, kamphepo kaulere.

Pambali panga panakhala agogo ena aakazi, chipewa chaubweya kumutu, bulangeti atalipinda pamiyendo. Ndinaseka chamumtima. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku patapata.

"Mwanangu, chofunda chako chili kuti?"

"Agogo, ine ndi wa magazi otentha. Kuzizira kumandiopa."

"Oho," anangotero, n'kutulutsa ulusi wawo kuyamba kuluka.

Dzuwa litalowa, injini inasintha mawu. Inayamba kubuula, dalaivala akutsitsa magiya, msewu ukukhotakhota. Makutu anga anatseka kenako n'kuphulika. Kamphepo kaulere kaja kanayamba kumera mano.

Zimene sindinawerengere n'zakuti kuzizira kumakwera limodzi ndi msewu. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Ife tinali kukwera mamita cha m'ma 1,500, kutanthauza kuti phiri lokha linali litandilanda madigiri 10, usiku usanatengeko gawo lake. Ndipo usikuwo unali wa nyenyezi zokhazokha, kopanda ndi kamtambo komwe. Ine ndinkayesa kuti thambo loyera ndiye nyengo yabwino, osadziwa kuti mitambo ndi bulangeti la dziko: ikasowa, kutentha konse kumene nthaka yasunga masana kumathawira kumwamba.

Choipitsitsa chinali thukuta langa lomwe lija. Malaya a thonje akanyowa amakakamira pakhungu n'kumayamwa kutentha kwa thupi, ndiye mphepo ya pawindo ikamawaumitsa imakhala ikukuziziritsa ngati madzi a mumtsuko. Ndinali mtsuko wovala patapata.

Poyamba thupi linachita tsemwe. Ndinapinda manja pachifuwa ngati munthu woganiza zakuya. Kenako ndinalowetsa mikono yonse m'kati mwa malaya, manja a malayawo ali lendelende, khosi n'kulibweza m'mapewa ngati kamba. Ndinayesa kutseka mpata uja ndi tikiti, mphepo inaulutsa tikitiyo. Ndinakoka katani ya pawindo n'kudzikulunga nayo, koma inali yaifupi moti ikafunda phewa, chigongono chinkatsala panja. Phewa lakumanja ndinali nditatsamira pachitsulo cha basi, chitsulocho chikundiyamwa ngati nkhupakupa.

Cha m'ma 11 koloko mano anayamba kuwombana okha. Mwana wina wa mpando wakutsogolo anatembenuka n'kufunsa amayi ake ngati m'basimo muli makina osokera. Agogo aja ankangoluka.

Pali chinanso chimene palibe amene amakuuza: kuzizira kumakodzetsa. Thupi likathawitsira magazi m'kati kuti liteteze mtima, impso zimayesa kuti madzi achuluka n'kuyamba kuwataya. Ndinapempha kondakitala kuti aimitse basi, ndipo nditatsika ndinam'nyengerera kuti anditsegulire kunsi nditenge juzi. Anawalitsa tochi, tinaona mulu wa katundu wofika kudenga.

"Achimwene, chikwama chanucho tidzachiona tikafika. Mukufuna nditsitse zonsezi pachifunga pano?"

Ndinabwerera pampando mapazi osawamva. Foni inkati madigiri 6. Ndinafuna kulembera uthenga wodandaula kwa amene ankandidikira, koma zala zinali zitachita dzanzi, zinangolemba zilembo zosadziwika mutu wake.

Bambo wina wa kumbuyo anandimvera chisoni, nanditambasulira kabotolo ka mowa waukali. "Kamwereni pang'ono aka, mutenthedwa pompano." Dzanja langa lili m'njira, agogo analimenya ndi singano yolukira.

"Bwezani kabotoloko, bambo. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kukutuluka. Ine ndapumira pa ntchito ya unamwino, ndawaona otere."

Kenako ananditembenukira. "Iwe wa magazi otentha, gunditsa chala chachikulu ndi chaching'ono." Ndinayesa. Zala zinayenda ngati za munthu wina, zinakumana movutikira. Anandifunsa dzina langa ndi kumene ndikupita, ndinayankha molumaluma lilime koma molondola.

"Ukadali bwino," anatero. "Thupi limafuna madigiri 37, likatsika kupitirira 35 ndiye matenda. Kunjenjemeraku ndi thupi likudzikolezera moto. Chimene ndimaopa ine ndi munthu wozizidwa amene wasiya kunjenjemera, akuyankhula zosokonekera, akufuna kugona. Ameneyo ndi wa kuchipatala."

Apa ndinayembekeza kuti andipatsa bulangeti. Ayi ndithu, bulangeti linali lawo, ndipo sindiwaimba mlandu. Anabwereka nyuzipepala kwa bambo a kabotolo aja n'kundilamula kuti ndizing'amba tsamba limodzilimodzi. Ndinayamba kuziyala pachifuwa mwaulemu ngati nsalu ya patebulo.

"Osati choncho! Finya, zikhale mipira. Chimafunditsa ndi mpweya wotsekeredwa m'katimo, pepalalo ndi khola chabe."

Ndinafinya masamba onse, a zamasewera kumimba, a zandale kumsana, mpaka ndinatupa ngati chule. Pamwamba pake anandiveka jumbo yaikulu yakuda ataiboola pakati, kuti mphepo isalowe. Mapazi ndinawachotsa pansi pozizira n'kuwaika pa chikwama chawo. Mpata wa pawindo anautseka ndi masokosi akale, ntchito ya masekondi asanu imene ine ndinalephera kuiganiza maola asanu ndi awiri. Pomaliza anatulutsa chimene ankaluka chija: kachipewa ka mdzukulu wawo, kofiirira, kokhala ndi makutu awiri a kalulu. Kanangokwana pansonga ya mutu.

Ndinene zoona, patapita mphindi makumi awiri mano anasiya phokoso, zala zinayamba kubaya ngati singano, magazi akubwerera. Vuto linali loti ndikangosuntha pang'ono, basi yonse inkamva kuti tswatswatswa.

Tinafika m'bandakucha, nthawi imene kumazizira kuposa ina iliyonse chifukwa nthaka imakhala yataya kutentha usiku wonse. Amene ankandidikira anali mtsikana amene ndinavalira kabudula uja kuti andione kuti ndine wamakono. Anandidutsa kawiri akuyang'ana m'mawindo. Nditamuitana anaima, anayang'ana jumbo, anayang'ana makutu a kalulu, n'kukhala pansi pa benchi kuseka mpaka misozi. Nditavula jumbo ija tinapeza kuti inki yadinda pa malaya onyowa aja, mitu ya nkhani ili chagada pamimba panga. Mpaka lero amanditchula kuti Mkonzi.

Pobwerera ndinakwera basi ya usiku yomweyo, juzi, chipewa ndi masokosi zili pamiyendo, mpando wa pakati kutali ndi chitseko. Titaima pa siteji ina ya kumunsi kotentha, basi isanayambe chitunda chachiwiri, panakwera mnyamata wovala vesiti, nakhala pawindo. Anayang'ana juzi yanga n'kumwetulira.

"Akulu, kutentha konseku?"

"Oho," ndinatero, n'kupinda nyuzipepala yanga bwinobwino kuti isatayike.