Kuwala kwa saibapanki pa utoto wamadzi: chimabweretsa matope n'chiyani?

Utoto wamadzi umawala chifukwa cha kuyera kwa pepala lomwe lili pansi pake, pomwe saibapanki, luso losonyeza mizinda ya m'tsogolo yodzaza ndi makina, imafuna mdima wandiweyani ndi magetsi a niyoni othobwa m'maso. Pofuna kukwatitsa ziwirizi, ambiri amangothira mitundu yonse pamalo amodzi, chithunzi n'kusanduka matope.

Matope amabwera pamene chofiira, chikasu ndi buluu zakumana pepala lisanaume. Choncho yambani mwawerenga nambala yolembedwa pa chubu, yomwe imasonyeza ufa wopangira utotowo. Sankhani machubu a ufa umodziumodzi: PR122 ya pinki wowala, PB15:3 ya buluu, ndi PY3 ya chikasu. Pinki ndi buluu amenewa akakumana amabereka pepo wowala bwino, ndiye asiyeni alowererane momasuka. Wovuta ndi chikasu. Chikangokhudza pepo wonyowa, pamatuluka mtundu wa madzi otsukira mbale.

Tiyerekeze kuti mukujambula kanjira ka ku Shinjuku, mumzinda wa Tokyo, usiku mvula itangokata: chikwangwani cha pinki m'mwamba, nyale yachikasu pa kanyumba kogulitsa zakudya m'munsi. Tengani pepala la thonje la magalamu 300 pa sikweya mita. Zilembo za pachikwangwani muzitchinge ndi labala wamadzi woletsa utoto kufika pa pepala, chifukwa pakatikati pa niyoni payenera kukhala poyera, mtundu uzikhala m'mbali. Labala akauma, nyowetsani mozungulira chikwangwanicho n'kudontheza pinki kuti afalikire yekha. Chikasu chipakeni pa nyale padera, ndipo pakati pa icho ndi pinki pasale kampata kouma ngati m'lifupi mwa chala.

Kenako dikirani. Apa ndi pomwe zithunzi zambiri zimafera. Ikani kuseri kwa dzanja pa pepala. Likamveka lozizira, m'kati mukadali chinyezi ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Mukapaka mdima nthawi imeneyo, burashi imatakasa utoto wapansi n'kuusakaniza ndi watsopano.

Mdima musautenge mu chubu cha utoto wakuda, umapha kuwala. Sakanizani PR122 ndi chobiriwira cha PG7 m'mbale, madzi pang'ono, mpaka zide bii. Pakani kamodzi, burashi ipite mbali imodzi osabwerera. Ufa wa mitundu imeneyi umakanirira pa pepala, motero sudzuka msanga mukadutsitsa china pamwamba. Buluu wa PB29 ndi wosiyana, amasiya timchenga ndipo amadzuka mosavuta, ndiye asakhale woyambirira. Malo amodzi asapakidwe koposa katatu.

Pa msewu wonyowa, kokani mizere yotsika ya pinki ndi ya chikasu motalikirana, mdima ukhale pakati pawo ngati malire. Khalani ndi mabotolo awiri a madzi, lotsukira burashi ndi lotungamo oyera. Zonse zikauma, matulani labala ndi chala, kenako jambulani mawaya ndi cholembera cha inki yosasungunuka m'madzi. Gwashi woyera, utoto wamadzi wophimba zapansi pake, abwere pomalizira penipeni pa timadontho ta mvula, chifukwa akakhudzidwanso ndi burashi yonyowa amachititsa chifunga chotuwa.