Kusintha mamita, magalamu ndi malita popanda kutaya ziro

Ndikalandira pepala la mafunso osintha miyezo, sindithamangira funso loyamba. Ndimayamba ndajambula tebulo kuseri kwa pepalalo, chifukwa mayankho ambiri olakwa pa mutu umenewu amakhala ndi manambala oyenera koma ziro wasowa kapena poyinti yakhala posayenera: 345 m'malo mwa 3045, kapena 0.5 m'malo mwa 0.05. Kuchulukitsa ndi kugawa mwana amakhala akukudziwa bwinobwino. Chimene chamusokoneza ndi kuwerenga masitepe amene ali pakati pa muyezo umene wapatsidwa ndi umene ukufunidwa.

Tebulolo limakhala ndi madanga asanu ndi awiri ndi mizere itatu, wa kutalika, wa kulemera ndi wa zamadzimadzi:

```
km  hm  dam  m  dm  cm  mm
kg  hg  dag  g  dg  cg  mg
kl  hl  dal  l  dl  cl  ml
```

Danga lililonse ndi lalikulu kakhumi kuposa la kumanja kwake. Miyezo ngati hm, dam ndi dag simudzaimva kumsika, ndipo mwina pa pepala lonse simutuluka funso la izo. Ndimailembabe, ndipo apa sindigonja, chifukwa ikachotsedwa tebulo limanama. Mwana akaona km, m, cm, mm zitandandalikidwa moyandikana amaganiza kuti mipata yake ndi yofanana, chonsecho kuchoka pa km kufika pa m ndi masitepe atatu, kuchoka pa m kufika pa cm ndi awiri, kuchoka pa cm kufika pa mm ndi imodzi yokha. Ndiye kuti 1000, 100 ndi 10. Ku kulemera ndi ku malita zinthu n'zosavutirapo, chifukwa kg kupita ku g, g kupita ku mg, ndi l kupita ku ml zonse ndi masitepe atatu. N'chifukwa chake mwana amene wangomaliza mafunso a makilogalamu amafika pa mamita dzanja litazolowera 1000, n'kulemba kuti mita imodzi ili ndi masentimita 1000.

Masitepe amenewa ndi omwe aja amalembedwa ngati kanambala kapamwamba pa 10. Sitepe imodzi ndi 10¹, awiri ndi 10², atatu ndi 10³. Kanambalako kamandiuza kuchuluka kwa maziro, komanso kuti poyinti isuntha malo angati.

Tiyambe ndi funso looneka lophweka: 2.5 m ndi masentimita angati? Lamulo loika nambala m'tebulo ndi limodzi. Nambala imene ili kumanzere kwenikweni kwa poyinti, yoyandikana nayo, imalowa m'danga la muyezo umene wapatsidwa. Apa ndi 2, ndiye ndimamuika pansi pa m. Nambala zina zimatsatira, imodzi m'danga lililonse, kotero 5 amalowa pansi pa dm. Kenako ndimayang'ana danga la muyezo umene ukufunidwa, cm, ndipo ndimapeza mulibe kanthu. Ndimaikamo ziro, n'kuwerenga mpaka pamenepo: 250 cm.

Funso limeneli ndi limene limagwetsa njira ija yotchuka yoti ukachulukitsa ndi 100 ungoonjezera maziro awiri. Njirayo imayenda pa 7 m, imene imakhala 700 cm. Ikafika pa 2.5 imabala 2.500, yomwe ndi 2.5 yomweyo, siinasinthe ngakhale pang'ono. Ena amafufuta poyinti n'kusiya maziro onse awiri, n'kupeza 2500. Cholakwika n'chakuti sitepe imodzi mwa awiri aja yatha kale ndi 5, ndipo ziro wofunika ndi mmodzi yekha. Ziro ndimamuika pokhapokha pamene danga lili lopanda nambala.

Funso limene ndimakhalitsapo ndi la miyezo iwiri yophatikiza, monga kusintha 3 km 45 m kukhala mamita, kenako makilomita. Maso amaona 3 ndi 45 n'kufuna kuzimata pamodzi, 345 m kapena 3.45 km. Onsewa ndi olakwa, ndipo tebulo limaonetsa chifukwa chake. 3 amalowa pansi pa km. Pa 45 m palibe poyinti yolembedwa, choncho poyinti ili kumapeto, kumanja kwa 5, ndipo 5 ndi amene amalowa pansi pa m. 4 amagwera kumanzere kwake, pansi pa dam. Danga la hm latsala lopanda kanthu.

```
km  hm  dam  m
 3   0    4  5
```

Ziro wa pakatiyu ndi amene amatayika. Ndikawerenga mpaka pa m ndimapeza 3045 m. Ndikafuna makilomita manambala sindiwagwira, ndimangoika poyinti pambuyo pa danga la km: 3.045 km. Kuti muone kukula kwa vutolo, 3.45 km ndi 3450 m, kusiyana ndi yankho loona ndi mamita 405. Chimodzimodzi 2 kg 50 g ndi 2050 g kapena 2.05 kg, pamene 2.5 kg ndi makilogalamu awiri ndi theka. Ndikakhala ndilibe malo ojambulira, ndimangokumbukira kuti pambuyo pa km, kg kapena l payenera kukhala manambala atatu, ndiye 45 ndimamulemba 045, 50 ndimamulemba 050, ndipo 5 ndimamulemba 005. Pambuyo pa m, ngati chotsatira ndi cm, pamakhala manambala awiri: 4 m 7 cm ndi 4.07 m.

Kupita ku muyezo waukulu ndi njira yomweyo, kungoti maziro amabwera kumanzere. Ndikasintha 750 g kukhala makilogalamu, 0 amalowa pansi pa g, 5 pansi pa dag, 7 pansi pa hg. Pa kg palibe kanthu, ndiye ndimaika ziro ndi poyinti: 0.750 kg, imene ndingailembenso 0.75 kg. Ziro wa kumapeto kwa desimo ndingamuchotse popanda kusintha kanthu. Koma pa 50 g, 5 ali pansi pa dag, ndipo madanga awiri, hg ndi kg, ali opanda kanthu. Yankho ndi 0.050 kg kapena 0.05 kg. Ziro amene ali pakati pa poyinti ndi 5 sachotsedwa. Mukamuchotsa mwasandutsa magalamu 50 kukhala theka la kilogalamu.

Ndisanasunthe poyinti ndimadzifunsa kaye ngati nambala ikula kapena ichepa. Muyezo ukachepa nambala imakula, chifukwa tizidutswa ting'onoting'ono timafunika tambiri kuti tikwane chinthu chomwecho. Mawu oti kumanja ndi kumanzere amasokonekera msanga m'mutu pa mayeso, koma funso loti ikula kapena ichepa silivuta kuyankha. Ndikasintha magalamu kukhala makilogalamu n'kupeza nambala yaikulu kuposa imene ndinayamba nayo, ndimadziwa kuti ndachulukitsa pamene ndimayenera kugawa.

Mafunso a kumunsi kwa pepala amakonda kudumpha miyezo iwiri nthawi imodzi, monga 0.6 km kukhala masentimita. Kuchoka pa km kufika pa m ndi 10³, kuchoka pa m kufika pa cm ndi 10². Masitepe amaphatikizidwa: 3 kuphatikiza 2 ndi 5, ndiye 10⁵, kapena 100 000. Pali misampha iwiri pano. Wina amachulukitsa tinambala tapamwambato n'kupeza 10⁶, yankho n'kukula kakhumi. Wina amaphatikiza 1000 ndi 100 n'kuchulukitsa ndi 1100. Ine ndimadutsa pa mita, ngakhale zitenge mzere wina: 0.6 km ndi 600 m, ndipo 600 m ndi 60 000 cm. Polemba manambala aatali chonchi ndimasiya kampata pakatha manambala atatu alionse kuchokera kumanja, chifukwa 60000 ndi 600000 zimafanana kwambiri pa pepala lolembedwa mothamanga.

Zikafika pa kuphatikiza kapena kugawa, ndimasintha zonse kukhala muyezo umodzi ndisanayambe samu, ndipo ndimasankha waung'ono kuti desimo ichoke. Pa 1.2 kg + 350 g + 80 g ndimalemba 1200 g + 350 g + 80 g, zimene zimapereka 1630 g. Ndikatero ndimabwerera ku funso kukaona muyezo umene akuufuna. Ngati ndi makilogalamu, yankho ndi 1.63 kg. Malikisi ambiri amatayikira pomwepa, samu ili yokhoza koma yankho lasiyidwa m'magalamu.

Funso la malita limayenda chimodzimodzi. Ndowa ya malita 20 ingadzaze makapu angati a 250 ml? Malita 20 ndi 20 000 ml, maziro anayi: mmodzi ndi wa 20 yemwe, atatu ndi a masitepe. Amene amalemba 2000 ml amakhala atawerengera ziro wa 20 ngati mmodzi mwa atatu aja. Tsopano 20 000 ÷ 250. Ndimachotsa ziro mmodzi mbali zonse ziwiri, kutsala 2000 ÷ 25, yankho 80. Ndimatsimikiza mwa njira ina: lita imodzi ili ndi makapu anayi a 250 ml, ndiye malita 20 ali ndi makapu 80. Yankho likanatuluka 8 ndikanadziwa kuti ziro wagwa penapake, poti makapu asanu ndi atatu ndi malita awiri okha. Pa malita samalaninso ndi cl, imene imapezeka pa mabotolo ena. Ili masitepe awiri kuchoka pa l ndi sitepe imodzi kufika pa ml, kotero 33 cl ndi 330 ml, kapena 0.33 l.

Yankho lililonse ndimaliyesa ndi chinthu chimene ndikuchidziwa kukula kwake. Rula ya kusukulu ndi 30 cm, chitseko cha nyumba chimatalika pafupifupi 2 m, paketi ya shuga ndi 1 kg, thumba la feteleza ndi 50 kg, ndipo matumba 20 otere ndi tani imodzi, 1000 kg. Kulakwa kwa pa mutu uno kumakhala kwa kakhumi, kazana kapena kachikwi, ndiye kumaonekera msanga. Yankho likanena kuti pensulo ndi yaitali 1.8 m kapena kuti mwana akulemera 320 kg, sindiyambiranso samu yonse. Ndimabwerera ku tebulo n'kuwerenganso madanga.

Tebuloli lili ndi pamene limalekezera. Funso likakhala ndi m² kapena cm², sitepe iliyonse imakhala 100, chifukwa mulitali ndi mulifupi zonse zikusintha: 1 m² ndi 100 cm kuchulukitsa ndi 100 cm, ndiye 10 000 cm². Likakhala ndi m³ sitepe iliyonse ndi 1000, ndipo chothandiza kukumbukira n'chakuti 1 ml ndi 1 cm³, lita imodzi ndi 1000 cm³, ndipo 1 m³ ndi malita 1000. Mafunso a nthawi, amene nthawi zina amaikidwa pa pepala lomwelo, salowa m'tebulo ngakhale pang'ono, chifukwa ola lili ndi mphindi 60. Maola 1.5 ndi mphindi 90, osati 150, ndipo ola limodzi ndi mphindi 15 ndi maola 1.25.